Musanadinde matisheti ogulitsa: mmene mungadziwire ngati fonti yaulere ikuloledwa

Fonti imene mwatsitsa osalipira ikhoza kukhala yololedwa pa kadi ya ukwati wa mchemwali wanu, koma yoletsedwa pa tisheti imene mukufuna kugulitsa. Fayilo ndi yomweyo, zilembo ndi zomwezo, kungoti tsopano pakulowa ndalama. Amene amaika malirewa ndi mwini fonti, ndipo amawalemba mu laisensi, kachikalata kamene ambiri timakafufuta tisanakatsegule n'komwe. Zili ngati nyumba ya lendi: landilodi wakulolani kugonamo, koma kutsegulamo golosale ndi nkhani ina yofunika kukambirana kaye.

Fayilo ya `.ttf` kapena `.otf` imatengedwa ngati pulogalamu ya kompyuta. Ku America lamulo la umwini wa ntchito zaluso siliteteza maonekedwe a zilembo pawokha, koma limateteza fayiloyo. Ku Britain maonekedwewo amatetezedwanso. Kuno kwathu lamulo la umwini la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta. Milandu imakhalapodi: mu 2011 kampani yopanga mafonti ya P22 inasumira kampani ya mafilimu ya Universal ku America chifukwa cha fonti ya Cezanne imene inaikidwa pa katundu wogulitsa, ndipo inkafuna madola 1.5 miliyoni. Kwa ife odinda matisheti ochepa, khoti si loyamba kuliopa. Chimene chimachitika msanga ndi chakuti katundu wanu achotsedwa pa masitolo a pa intaneti monga Etsy, kapena bungwe limene lakupatsani oda likufunsani umboni wa laisensi inu mulibe, kapena mwini fonti akulemberani kuti mulipire zonse zimene munadinda kale.

Tiyerekeze kuti mukukonza matisheti 100 ogulitsa. Dizaini yake ili ndi mizere iwiri: wapamwamba wa zilembo zazikulu zazitali mu fonti ya Bebas Neue, wam'munsi wa zilembo zopiringizika ngati zolemba pamanja, fonti imene munaitenga pa webusayiti ya mafonti ya DaFont. Tiziyesa zonse ziwirizi pa sitepe iliyonse.

Sitepe 1: Dziwani dzina lenileni, wopanga, ndi kumene fayilo inachokera

Laisensi imayendera fayilo imene muli nayo, osati dzina lofanana nalo. Pa Windows dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Properties, kenako Details. Mupezamo dzina lonse, nambala ya mtundu wake, wopanga, mzere wa Copyright, ndipo nthawi zambiri License description. Pa Mac tsegulani Font Book ndi kuona zambiri za fontiyo. Lembani zimene mwapezazo penapake.

Pa Details pomwepo pali mzere wa Font embeddability umene umasocheretsa anthu ambiri. Ukalemba kuti Installable kapena Editable, ukunena za kulowetsa fonti mkati mwa chikalata monga PDF kapena Word. Sukukhudza kugulitsa tisheti ayi.

Bebas Neue ikutiphunzitsa chifukwa chake dzina lonse ndi lofunika. Anaipanga ndi Ryoichi Tsunekawa wa ku Japan, wa kampani ya Dharma Type. Mtundu umene uli pa Google Fonts uli ndi laisensi yomasuka ya OFL. Koma palinso Bebas Neue Pro, yokhala ndi zilembo zazing'ono komanso makulidwe ambiri, ndipo imeneyo ndi yogula. Ngati fayilo yanu yalembedwa Pro koma simukumbukira kuti munalipirapo, imeneyo si yaulere, wina anangoimwaza.

Apa ndinene za fulashi ija imayendayenda pakati pa opanga madizaini, yodzaza ndi mafonti masauzande. Mmenemo mumapezeka Gotham, Helvetica Neue ndi ena otero amene eni ake amagulitsa. Fonti imene simungathe kuloza kumene inachokera muiwerengere ngati yosaloledwa kufikira mutapeza tsamba la mwini wake. Ngati muli ndi chithunzi chokha cha zilembo, dzina lake simukulidziwa, mawebusayiti a WhatTheFont ndi WhatFontIs angakuthandizeni kulipeza.

Sitepe 2: Onani chizindikiro cha pa tsamba, koma musaimire pomwepo

Pa DaFont, pamwamba pa batani la Download pamalembedwa kamzere kakang'ono. Free for personal use ndiye kuti musagulitse chilichonse chopangidwa ndi fontiyo musanalipire. Demo ndi kolawitsa chabe, kawirikawiri manambala ndi zizindikiro zina zimakhala zitachotsedwamo. Donationware ndi Shareware zimafuna kuti mupereke ndalama monga mwini wanenera. Zimene zimapatsa chiyembekezo ndi 100% Free ndi Public domain / GPL / OFL, ndipo mukadina More options mukhoza kusefa kuti muone zokhazo.

DaFont eni ake amachenjeza kuti kamzere kameneka ndi kongolozera, kuti muwerenge zimene zili m'fayilo kapena pa tsamba la wopanga, ndiponso kuti fonti yopanda dzina la wopanga kapena laisensi sindiye kuti ndi yaulere. Chifukwa chake n'chakuti amene amaika fonti pa tsambalo ndi amene amasankha chizindikirocho. Eni a webusayiti ina ya Font Squirrel amasankha okha mafonti ololedwa pa malonda, choncho kumeneko mwayi ndi wochuluka, komabe fonti iliyonse ili ndi laisensi yakeyake imene mungaitsegule pa tsamba lake.

Fonti yathu yopiringizika ija yalembedwa Free for personal use. Funso layankhidwa kale theka: mmene ilili pano, pa tisheti yogulitsa singapitepo.

Ambiri amanena kuti, “Koma ine ndangodinda a kwaya yathu, phindu palibe.” Ngati kwaya yakulipirani kuti mudinde, inuyo mwachita malonda. Ngati kwayayo ikugulitsa matishetiwo kuti ipeze ndalama za ulendo, amenewonso ndi malonda. Pali opanga ena amene amalola mabungwe osapanga phindu, koma amachita kulemba. Zikapanda kulembedwa, musadzipatse nokha chilolezocho.

Sitepe 3: Tsegulani fayilo ya `.zip` ndi kuwerenga laisensi

Apa ndi pamene pagona nkhani. Musangokoka `.ttf` n'kutaya zotsalazo. Funani fayilo yotchedwa `OFL.txt`, `LICENSE.txt`, `readme.txt`, `EULA.pdf` kapena dzina lofanana ndi amenewa. Opanga ena amalemba malamulo awo pa chithunzi cha `.jpg` kapena `.png` chimene chili momwemo. Ngati mumagwirira ntchito pa foni ndi PixelLab, pulogalamu yoonera mafayilo ya m'foni imatsegula `.zip` ndi `.txt` bwinobwino.

Malaisensi amalembedwa m'Chingerezi cha maloya, koma simufunika kumva liwu lililonse. Dinani Ctrl+F n'kufufuza mawu awa limodzilimodzi:

```
commercial
merchandise
for sale
logo
print on demand
units
modify
third party
```

Paliponse pamene mwapeza, werengani chiganizo chonse ndi chotsatira chake, chifukwa choletsa chimakonda kubisala pambuyo pa chololeza. Laisensi ikhoza kuyamba ndi kunena kuti malonda ndi ololedwa, n'kupitiriza kuti chilolezocho ndi cha zotsatsa malonda monga mapositala ndi timapepala togawa, pamene katundu amene kasitomala amagula chifukwa cha zilembozo akufunika laisensi ina. Tisheti yolembedwa mawu okhaokha, yopanda chithunzi, ndi imene imagwa m'gulu limeneli: munthu akugula mawuwo ndi kukongola kwa zilembo zake. N'chifukwa chake makampani ena ogulitsa mafonti amasiyanitsa laisensi wamba ya pa kompyuta ndi ya katundu wogulitsa. Ena amaika malire a chiwerengero, kunena kuti mudinde zidutswa zosapitirira zakutizakuti. Onani ngati malirewo akuwerengera dizaini imodzi kapena katundu yense pamodzi.

Nthawi zina tsamba limanena zina, fayilo n'kunena zina. Mwina pa tsamba palembedwa 100% Free pamene mu `readme.txt` mwalembedwa kuti ndi yogwiritsa ntchito panokha. Zikatero tsatirani choletsacho kufikira mwini wake atakuyankhani. Ngati mulibe laisensi iliyonse, m'fayilo ngakhale pa tsamba la wopanga, ndiye kuti palibe amene wakupatsani chilolezo.

Sitepe 4: Zindikirani malaisensi odziwika

Ntchito imapepuka mukapeza mzere uwu pamwamba pa laisensi:

```
This Font Software is licensed under the SIL Open Font License, Version 1.1.
```

Imeneyi ndi OFL ya bungwe la SIL, ndipo mtundu wa 1.1 unatuluka mu 2007. Mawu ake ndi amodzimodzi pa fonti iliyonse imene ili nayo, choncho mukaimvetsa kamodzi mwamaliza. Imalola kugwiritsa ntchito fontiyo pa malonda, kuisintha ndi kuigawa. Tisheti, kapu, chipewa, chikwangwani, logo, zonse ndi zololedwa, popanda malire a chiwerengero ndiponso popanda kulemba dzina la wopanga pa katunduyo. Chimene imaletsa ndi kugulitsa fayilo ya fontiyo payokha. Mukamagawira wina fayiloyo, laisensi ipite nawo limodzi. Mafonti ambiri a pa Google Fonts, monga Montserrat, Oswald, Anton ndi Pacifico, ali ndi OFL. Ena ochepa ali ndi Apache License 2.0 kapena Ubuntu Font Licence, ndipo nazonso zimalola katundu wogulitsa. Bebas Neue yathu, ngati ndi ya pa Google Fonts, yadutsa.

Laisensi ya Creative Commons imafuna maso. Mukaona NC m'dzina lake, malonda ndi oletsedwa. BY imafuna kuti mutchule wopanga, choncho konzani pomutchulira, kaya pa kapepala kolendewera pa tisheti kapena pa tsamba limene mukugulitsirapo. ND imaletsa kugawa fonti yosinthidwa. CC0 ndi imene ilibe zomangira.

Nanga mafonti amene amabwera ndi kompyuta, monga Impact ndi Arial? Microsoft amanena kuti saletsa kugulitsa zinthu zimene mwadinda ndi mafonti obwera ndi Windows, pokhapokha ngati pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito ili ndi laisensi ya pakhomo kapena ya ana asukulu yoletsa malonda. Kukopera mafayilowo n'kupatsa ena ndiko sikuloledwa. Pa Canva, mafonti amene ali kale mkatimo amayendera malamulo a Canva, koma imene mwalowetsamo nokha imayenderabe laisensi ya mwini wake. Kuilowetsa mu Canva sikuiyeretsa.

Sitepe 5: Yerekezani laisensi ndi mmene mumagwirira ntchito

Laisensi ikhoza kulola tisheti koma n'kuletsa njira imene tishetiyo imapangidwira. Malo anayi ndi amene amagwetsa anthu.

Oyamba ndi kutumiza fayilo kwa wodinda. Dizaini ikasokonekera pa kompyuta ya kushopu, chizolowezi ndi kungotumiza fonti pa WhatsApp. Pa OFL palibe vuto. Pa malaisensi ambiri ogula kumeneko ndi kugawa fayilo, ndipo ena okha ndi amene amalola kupatsa wodinda pa ntchito imodziyo. Njira yabwino ndi kusandutsa zilembo kuti zikhale zojambula musanatumize: mu CorelDRAW sankhani mawuwo n'kudina Ctrl+Q, mu Illustrator dinani Ctrl+Shift+O. Wodinda safunikanso fontiyo. Koma musanamizidwe kuti kuchita zimenezi kumafafaniza laisensi. Munagwiritsa ntchito fayiloyo popanga zojambulazo, ndiye ngati inali yoletsedwa pa malonda, idakali yoletsedwa.

Achiwiri ndi mayina osinthasintha. Kulemba nokha mayina a osewera kumbuyo kwa majezi pa kompyuta yanu ndi ntchito wamba. Koma kuika fonti pa webusayiti kuti kasitomala azilemba yekha dzina lake n'kuona mmene litulukire kumafuna laisensi ina pa mafonti ambiri ogula. Adobe Fonts, mwachitsanzo, amalola matisheti ogulitsa koma salola zimenezi.

Achitatu ndi kugulitsa zilembo pazokha: masitika a afabeti, zilembo zodulidwa zomata ndi ayironi, kapena mafayilo a zilembo a makina opeta nsalu. Malaisensi ambiri amaletsa zimenezi chifukwa ndi kugulitsa fonti yomweyo mwa njira ina.

Achinayi amatikhudza ife olemba Chichewa. Musanakonde fonti, lembani “Malaŵi” ndi “ng'ombe” muone ngati ŵ ndi kachizindikiro ka pa ng' zikutuluka. Mafonti ambiri opiringizika alibe ŵ, ndipo pamalo pake pamabwera kabokosi kapena chilembo cha fonti ina. Kujambula kadenga pamwamba pa w mu dizaini yanu kawirikawiri si vuto, ngakhale kuti ndi bwino kuona chimene laisensi yanena pa liwu lija la modify. Kutsegula fayilo mu pulogalamu ngati FontForge n'kuwonjezeramo chilembocho ndi kusintha fonti, zimene malaisensi ambiri amaletsa. OFL imalola, koma ngati pamwamba pake palembedwa Reserved Font Name, fonti yosinthidwayo muipatse dzina lina musanagawire anthu.

Sitepe 6: Onani ngati zilembozo sizikutengera chizindikiro cha kampani

Pa masamba aulere pali mafonti otengera kalembedwe ka Coca-Cola, Disney ndi ena, komanso mafonti a tizithunzi okhala ndi mabaji a matimu ndi malogo a makampani. Wopanga fontiyo akhoza kunena kuti ndi yaulere, koma alibe mphamvu yopereka chizindikiro cha malonda cha anthu ena. Chimodzimodzi, laisensi ya OFL siikupatsani ufulu wolemba dzina la Bullets kapena Wanderers pa jezi yogulitsa. Chilolezo chimenecho ndi cha timu.

Sitepe 7: Funsani, gulani, kapena sinthani fonti

Tibwerere ku fonti yathu yopiringizika. Mu `readme.txt` mwake muli keyala ya tsamba logulira laisensi ndi imelo ya wopanga. Pitani pa tsambalo muwerenge zimene laisensi yotsika mtengo ikulola, chifukwa imeneyo ndi imene imakonda kusiya kunja katundu wogulitsa. Zikakhala zosamveka, lembani imelo yachidule yonena zinthu zenizeni: dzina la fonti, kuti mukudinda matisheti 100 ogulitsa, kuti mawuwo ndiwo dizaini yonse, kuti adzadinde ndi shopu ina, ndi kuti mwina mudzabwereza oda. Funsani kuti laisensi yoyenera ndi iti. Funso longoti “kodi ndingagwiritse ntchito?” limabweretsa yankho losathandiza tsiku la mkangano. Mwini akapanda kuyankha, kukhala chete kwakeko si chilolezo.

Werengerani mtengo musanadandaule. Tiyerekeze kuti laisensi ndi madola 20. Pa matisheti 100 ndi masenti 20 a dola pa tisheti imodzi, ndipo ngati ilibe malire a chiwerengero, oda yachiwiri simulipiranso. Chovuta kwa ambiri kuno ndi kadi yolipirira kunja. Wachibale wa ku Joni kapena ku UK akakulipirirani, laisensiyo ilembedwe m'dzina lanu kapena la bizinesi yanu, osati lake, chifukwa malaisensi ambiri sasamutsidwa kwa munthu wina. Ngati ntchito ndi ya kasitomala amene adzafune kumasintha yekha mawu a dizaini, nayenso afunika laisensi yake. Muuzeni zimenezi musanagwirizane mtengo.

Ine ndimaona kuti pa oda yaing'ono njira yachangu ndi kusintha fonti. Pa Google Fonts sankhani gulu la zilembo zolemba pamanja, lembani mawu anu enieni m'bokosi loyesera, ŵ wanu ali momwemo, n'kuona amene akufanana ndi imene munaikonda. Kaushan Script, Sacramento ndi Great Vibes ndi malo abwino oyambira. Amene amafuna maonekedwe a Gotham amakonda kutenga Montserrat. Sizifanana ndendende, koma pa nsalu, makamaka inki ikalowerera mu thonje, kusiyanako ndi ochepa amene amakuona.

Sitepe 8: Sungani umboni tsiku lomwelo

Opanga amasintha malaisensi, masamba amatsekedwa, ndipo fonti imene inali yaulere chaka chino ikhoza kukhala yogula chaka chamawa. Chimene chidzakutetezeni ndi umboni wa malamulo amene analipo tsiku limene munatsitsa. Fonti iliyonse ikhale ndi foda yake motere:

```
Mafonti/BebasNeue/
  BebasNeue-Regular.ttf
  OFL.txt
  tsamba.png
  zolemba.txt
```

Chithunzi cha tsambacho chionetse keyala ya webusayiti, dzina la fonti ndi chizindikiro cha laisensi. Mu `zolemba.txt` lembani tsiku limene munatsitsa, kumene munatsitsa, ndi madizaini amene mwaigwiritsira ntchito. Fonti yogula muwonjezere risiti ndi imelo ya wopanga, muisunge ngati PDF kuti tsiku ndi wotumiza zizioneka. Foda yonseyo ikhalenso kwina, monga pa Google Drive, poti makompyuta a kushopu amafufutidwa kawirikawiri.

Pa kompyuta yodindira ikanimo mafonti okhawo amene adutsa masitepewa. Ongoyesera akhale mu foda ina osaikidwa m'makina, chifukwa pa mndandanda wa mafonti wa CorelDRAW yololedwa ndi yoletsedwa zimaoneka chimodzimodzi, ndipo wantchito amene akuthamangira oda ya mawa angosankha imene yamukongolera. Ngati muli ndi madizaini amene mukugulitsa kale, yambani kufufuza amene akuyenda malonda kwambiri. Mukapezamo fonti yoletsedwa, imitsani kudinda, ndipo polembera mwini wake nenani chiwerengero chimene munadinda kale kuti laisensi imene mugule ikwirirenso zimenezo.